Ndemanga ya mlendo muidule, koma musaikometsere

Aliyense wogulitsa tomato amadziwa kuti dengu limodzi saligulitsa lonse kwa munthu mmodzi ngati akufuna phindu. Amaika timilu, ndipo kamulu kalikonse kamapeza mwini wake. Eni nyumba zogona alendo m'mbali mwa msewu wa M5, makamaka cha ku Bua m'boma la Nkhotakota, akanachita bwino kutengera nzeru yomweyi pa katundu wina amene ambiri a iwo amangomusiya m'foni: ndemanga yaitali imene mlendo wokhutira walemba atachoka.

Zimene ndimaona kawirikawiri ndi izi. Mlendo walemba mawu ambirimbiri pa WhatsApp, pa Facebook kapena pa Google Maps. Mwini resitihausi wakondwa, wajambula uthenga wonsewo, wauika pa Status kamodzi. Zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere, ndipo palibe amene waima kuti awerenge. Pakatha maola 24, Status ija yafufutika yokha, nkhani yathera pomwepo. Ine ndikuti ndemanga imodzi yotere ikhoza kukutsatsirani malonda sabata yathunthu. Koma pali malire amene ndikufuna tigwirizane poyamba: kudula mawu a mlendo n'kololedwa, kuwasintha ayi.

Tiyerekeze kuti muli ndi zipinda zisanu ndi chimodzi pafupi ndi mlatho wa Bua. Mayi wina wa ku Lilongwe, wooda mpunga, wagona kwanu masiku awiri. Atafika kwawo wakulemberani uthenga wautali. Akuti minibasi inawatsitsa usiku cha m'ma 9 koloko ndipo mlonda wanu anakawachingamira kumsewu ndi tochi. Neti inalibe chiboo. Anadya nsima ya kampango wamuwisi. Magetsi atazima, sola inayaka ndipo foni yawo inadzaza. Matumba awo a mpunga munawasunga m'chipinda chokiya mpaka galimoto inabwera. Kenako adandaula ziwiri: kumsewu kulibe chikwangwani, ndiponso tsiku lachiwiri m'mawa pampopi sipanatuluke madzi mpaka mnyamata anabweretsa chidebe.

Musanachite chilichonse, pemphani chilolezo, ndipo chikhale cholemba. Uthenga waufupi ndi wokwanira: "Mayi, zikomo chifukwa cha mawu anu. Kodi mungatilole kuikako ena pa Status ndi pa Facebook? Tilembe dzina lanu kapena tingoti mlendo wa ku Lilongwe?" Yankho lawolo lisungeni. Pa malonda a malo ogona nkhaniyi ndi yolemera kuposa pa malonda a sopo. Alipo anthu amene safuna abwana awo kapena akunyumba adziwe kumene anagona. Wooda mpunga kapena nsomba amayendanso ndi ndalama, ndiye kulengeza dzina lake, nkhope yake ndi malo amene amagona akabwera ku Nkhotakota n'kumuika pa ngozi. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira. Ngakhale lamulolo likanakhala kulibe, kuika chithunzi cha uthenga chikuonetsa nambala ya kasitomala pamwamba ndi njira yachidule yomutayira.

Chilolezo chikapezeka, tengani kope ndi cholembera. Werengani ndemangayo pang'onopang'ono, ndipo paliponse pamene mlendo watchula chinthu chogwirika, lembani mzere kunsi kwake. Mawu oti "malo abwino zedi" adumpheni, chifukwa resitihausi iliyonse kuchokera ku Salima mpaka ku Nkhata Bay imadzinenera zomwezo. Tochi ya mlonda, neti yopanda chiboo, chipinda chokiya cha katundu: izi ndiye timilu tanu. Mu ndemanga ya mayi athu aja muli zoyamika zisanu ndi madandaulo awiri. Sabata yakwana.

Uthenga wa tsiku lililonse ukhale ndi zinthu zitatu zokha. Choyamba ndi chiganizo chimodzi cha mlendo, monga anachilembera. Chachiwiri ndi chithunzi chenicheni cha chinthu chimene akunenacho, chojambulidwa pamalo panu masana, osati chotola kwina. Chachitatu ndi mzere umodzi wanu wouza munthu chochita: mtengo wa chipinda, nambala ya foni, kapena potsikira. Wa Lolemba ungaoneke chonchi:

"Mlonda anadzandichingamira kumsewu ndi tochi." Anatero mlendo wathu wa ku Lilongwe, mwezi watha. Mukafika usiku, imbani mukadali m'minibasi, tikudikirani pamsewu.

Onani kuti mawu a mlendo ali paokha m'zizindikiro zake, ndipo mawu anu ali paokha. Wowerenga asasokonezeke kuti walankhula ndani.

Dongosolo la masiku lisangotsata mmene ndemanga inalembedwera. Liganizireni potengera amene mukufuna abwere. Kumayambiriro a sabata m'misewu mumadzaza a geni, madalaivala ndi ogwira ntchito m'mabungwe, kuphatikizapo opita ku Dwangwa. Amenewa akufuna kumva za katundu wosungika ndi foni yodzaza, ndiye za chipinda chokiya ndi za sola zituluke Lachiwiri ndi Lachitatu. Obwera kudzapuma ndi ena. Mtsinje wa Bua umadutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 kunabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Wofuna kukaona zimenezi kapena kukhala panyanja Loweruka amakonza ulendo sabata isanathe. Kampango ndi mtengo wa chipinda aziona Lachinayi, ikadali nthawi yoti atumize ndalama yosungitsira malo pa Airtel Money kapena Mpamba. Mukaika Loweruka masana, mwachedwa. Za neti zingatuluke tsiku lililonse lotsala, chifukwa udzudzu wa kunyanja susankha mlendo.

Tsopano pa madandaulo paja, pamene ine ndi eni malo ambiri timasiyana maganizo. Iwo amati munthu sangatsatse malonda ake ndi zoipa zake. Ndikumvetsa. Chipinda chogona opanda munthu usiku umodzi ndi ndalama yotayikiratu, sichili ngati thumba la chimanga loti mugulitsa mawa, ndiye mantha othamangitsa ngakhale kasitomala mmodzi ndi omveka. Koma taganizirani amene akuwerenga. Ndi munthu amene anagonapo kale m'maresitihausi a m'mbali mwa msewu, ndipo akudziwa kuti madzi amavuta. Akaona mauthenga asanu ndi awiri oyamika okhaokha, amangoti walemba ndi mlamu wake wa mwini malo. Akaona uthenga woti mlendo anadandaula kuti kumsewu kulibe chikwangwani, pansi pake pali chithunzi cha chikwangwani chatsopano chili chilili pa M5, amakhulupirira ndi zina zija zomwe. Dandaulo lokonzedwa ndi limene limapatsa mphamvu mawu oyamika.

Mawu ofunika apa ndi oti lokonzedwa. Ngati chikwangwani mwaika, jambulani, ikani Lachisanu, ndipo uthengawo ugwiranso ntchito yolozera njira. Ngati vuto la madzi simunalithetse, musaname kuti latha. Nenani zimene zilipo: kuti pampopi pakauma, chipinda chilichonse chimalandira chidebe cha madzi otentha isanakwane 6 koloko m'mawa. Koma nenani zimenezi pokhapokha ngati zimachitikadi. Ngati simungathe kulonjeza ngakhale chidebecho, sabata yanu ikhale ya masiku asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lotsalalo mulithere pa mpopi.

Chimene sindigwirizana nacho n'komwe ndi kudula chiganizo pakati kuti tanthauzo litembenuke. Mlendo walemba kuti "bafa ndi laukhondo koma madzi sanatuluke m'mawa", inu n'kuika "bafa ndi laukhondo" basi, pansi pake n'kuwonjezera kuti madzi ndi osadukiza. Kumeneko ndi kuika tomato wowola pansi pa mulu. Kuwonjezera "kwambiri" pamene mlendo sanalembe, kapena kusandutsa kampango kukhala chambo chifukwa chambo ndiye chotchuka, ndi bodza lomwelo. Bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo a kutsatsa konyenga. Koma amene adzayambe kukugwirani ndi mayi aja, chifukwa nambala yanu ali nayo ndipo Status yanu amaiona. Ooda mpunga amayenda m'magulu ndipo amauzana pogona.

Chinyengo china chimalowa mwakachetechete, mwina mwini malo osachifuna. Mukaika ziganizo zisanu ndi ziwiri popanda kunena gwero, owerenga amaganiza kuti alendo asanu ndi awiri osiyana akuyamikani. Tsiku lililonse lembani kuti ndi mlendo yemwe uja, ndi mwezi umene anagona. Mwezi ndi wofunika kunyanja: amene anayamika kamphepo kozizira mu Julayi, nthawi ya mwera, sakunena za chipinda chomwecho mu Okutobala. Ngati ndemanga inalembedwa m'Chingerezi ndipo mwaimasulira, nenani kuti mwamasulira. Lamulungu, ikani ndemanga yonse pa Facebook, ndi madandaulo omwe, mutabisa dzina ndi nambala, kuti wofuna kutsimikiza aone kuti simunabise kanthu.

Kumbukiraninso kuti Status ya WhatsApp imaonedwa ndi anthu okhawo amene munasunga nambala zawo, iwonso anasunga yanu. Ndiye kuti ambiri ndi alendo akale, abale ndi okuodetsani katundu. Si zoipa, chifukwa mlendo wobwerera ndiye msana wa resitihausi. Koma mlendo watsopano sangakupezeni kumeneko. Uthenga womwewo uikeninso pa tsamba la Facebook la malo anu. Bandulo yake si yambiri ngati mukuika chithunzi chimodzi patsiku m'malo mwa kanema.

Mudzadziwa bwanji kuti zagwira? Chiwerengero cha amene aona Status sichilipira mlonda. M'buku lolembamo alendo onjezani mzere umodzi, ndipo aliyense wofika kapena woimba foni mumufunse kuti wakudziwani bwanji. Chitani zimenezi sabata ya mauthengayo ndi masabata awiri otsatira, chifukwa munthu amene waona kampango lero mwina ulendo wake ndi wa kumapeto kwa mwezi. Mukapeza kuti oimba ambiri akufunsa za chipinda chosungira katundu, mwadziwa kuti makasitomala anu enieni ndi a geni, osati oona njovu, ndipo ndalama yotsatira ipite ku loko wabwino m'malo mwa maluwa a pakhomo. Ngati anthu akuona koma palibe woimba, yang'anani kaye mzere wachitatu uja. Nthawi zambiri mtengo kapena nambala palibe.

Sabata ikatha, ndemangayo ipumitseni. Mukaibwereza mwezi ndi mwezi, anthu amayamba kudabwa ngati chigonereni mayi aja kwanuko sikunafikenso wina. Mlendo wotsatira akamabweza kiyi, mufunseni chinthu chimodzi chimene chamusangalatsa ndi chimodzi choti mukonze, ndipo mumupemphe akulembereni akafika kwawo.