Mlandu suola, koma lisiti limafufutika

Akuluakulu anati mlandu suola. Ankanena m'masiku amene umboni unkakhala m'mitu ya anthu, pamene munthu akagula mbuzi mudzi wonse unkaona, ndipo mbuziyo ikapezeka yodwala, mboni zinalipo ngakhale patapita zaka. Lero tikagula firiji mu Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe, mboni yathu ndi kapepala kotuluka m'makina a pakauntala. Kapepalako kalibe inki. Zilembo zake zimalembedwa ndi kutentha, n'chifukwa chake kakakhala m'chikwama kapena padzuwa miyezi ingapo kamasanduka koyera. Ena amakamata pulasitiki ya lamineti poti akasunge bwino, koma kutentha kwa makinawo kumakadetsa konse. Choncho mlandu wa wogula umaola, ndipo umaola kawiri: lisiti limafufutika, walanti nayo imatha.

Ine ndikuti amene wagula katundu wodula ajambule lisiti kapena invoisi pa foni tsiku lomwelo, ndipo katunduyo akaonongeka asangopita kukalalata pakauntala, alembe kalata. Mawu a pakamwa amathera pomwepo. Mnyamata wogulitsa adzati "bwana achoka, mubwere Lachisanu," Lachisanu adzati "tikudikira kuchokera ku kampani," miyezi n'kumapita. Tsiku limene walanti yatha, palibe chosonyeza kuti munadandaula nthawi ikadalipo. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Chithunzicho chikhale chogwira ntchito. Pepala ligone pathebulo, pamalo owala, ngodya zonse zinayi zioneke. Paoneke dzina la sitolo, nambala ya invoisi, tsiku, dzina la katundu ndi mtengo. Mutembenuze n'kujambulanso kumbuyo, chifukwa malamulo a walanti nthawi zambiri amabisala kumeneko m'tizilembo ting'onoting'ono, kapena pa khadi la padera. Chithunzi chachitatu n'chimene ambiri amaiwala: kachikwangwani komatidwa kumbuyo kapena m'kati mwa firiji, pamene pali nambala ya modelo ndi nambala ya siriyo. Nambala ya siriyo ndiyo imatsimikiza kuti firiji yoonongekayi ndi yomweyo imene inatuluka m'sitolo imeneyo. Ngati pa invoisi sanailembe, auzeni ailembe musanachoke, adindeponso chidindo.

Tiyerekeze kuti mayi wina wagula firiji pa 14 Malichi pa mtengo wa K950,000, ndipo khadi likuti walanti ndi ya miyezi 12. Pa 20 Ogasiti firiji yasiya kuzizira. Nyale ya m'kati ikuyaka, kompuresa ikulira osapuma, koma madzi a m'botolo ali ofunda. Asanalembe chilichonse, awerenge khadi lija mzere ndi mzere, pakuti safunsa anadya phula. Makhadi ambiri amakana zinthu zofanana: kuonongeka chifukwa cha magetsi obwera mwamphamvu, kugwetsa, kugwiritsa ntchito molakwika, ndi kutsegulitsa katundu kwa mmisiri amene sitolo sinamuvomereze. Chomalizachi chagwetsa anthu ambiri. Mtima umafuna kuitana amisiri a pamsika kuti angoyang'ana, koma akangomasula sikuluwu kapena kudula kapaipi ka gasi, sitolo yapeza pothawira, ndipo pamenepo sitingaiimbe mlandu. Chimodzimodzi amene amakokota madzi oundana ndi mpeni n'kuboola m'kati: chilemacho wadzipangira yekha. Dandaulo loona liyambe ndi kudziyesa wekha.

Mayiyu sanachite zimenezo, ndiye kalata yake ikhoza kukhala yaifupi. Pamwamba alembe keyala ndi nambala ya foni yake, tsiku, kenako kwa Manijala wa sitolo. Mutu utchule katundu ndi nambala ya invoisi. Thunthu lake linene motere:

"Bwana, pa 14 Malichi ndinagula firiji m'sitolo yanu pa mtengo wa K950,000, monga zikuonekera pa invoisi imene ndaphatikiza. Pa 20 Ogasiti inasiya kuzizira ngakhale kompuresa ikulira. Palibe mmisiri amene waitsegula. Khadi lanu la walanti likuti mudzakonza kapena kusintha katundu amene waonongeka miyezi 12 isanathe, ndipo papita miyezi isanu yokha. Ndikupempha kuti muikonze popanda ine kulipira pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku la kalatayi. Ngati singakonzeke, mundipatse ina yofanana nayo kapena mundibwezere ndalama zanga. Ndikupemphanso kuti yankho lanu likhale lolemba."

Onani kuti sanalembe kuti "kompuresa yafa" kapena "gasi watha". Walemba zimene akuona ndi kumva basi. Firiji yolira osazizira kawirikawiri imakhala kuti gasi wadontha, koma kunena matenda ndi ntchito ya mmisiri wa sitolo, ndipo wogula akalosera molakwika amapatsa anzakewo chotsutsa. Onaninso kuti mawu a walanti wawatenga pa khadi la eni sitolo. Ngati ndimezo zili ndi manambala, atchule nambala yake. Munthu savutika kukana mawu ako, koma ake omwe amamumanga. Ndipo pempho lake lili ndi mutu umodzi, lina likungobwera loyambalo likakanika. Kalata yofuna zonse nthawi imodzi, firiji yatsopano, ndalama, ndiwo zoonongeka ndi chipepeso, imayankhidwa pa mfundo yofooka yokhayo. Mapanga awiri avumbwitsa.

Za mkwiyo ndikuzimvetsa, chifukwa K950,000 ndi thukuta la miyezi yambiri. Koma mawu oti "akuba inu" asalowe m'kalata. Kalatayi mwina idzawerengedwa ndi munthu wachitatu amene adzaweruze, ndipo iye adzafuna masiku, manambala ndi mapepala.

Asindikize makope awiri, aphatikize zithunzi zija, lisiti lenileni litsale kunyumba. Kope imodzi aisiye, inayo wolandira asainepo, alembe tsiku, adinde. Akakana kusaina, atumize kalatayo pa imelo kapena pa WhatsApp ya sitolo n'kusunga chithunzi chosonyeza kuti yafika. A kusitolo akadzatenga firiji kukaikonza, apereke kapepala kosonyeza tsiku, nambala ya siriyo ndi mmene ikuonekera.

Yankho lofala ndi lakuti "ndi magetsi amenewo, walanti sikhudza." Nthawi zina n'zoona, poti magetsi akathima amatha kubwerera mwamphamvu, ndipo n'chifukwa chake kachipangizo koteteza firiji kamene timalumikiza pasoketi n'kofunika kugula. Koma kungonena si umboni. Mayiyu apemphe lipoti lolemba la mmisiri, lotchula chipangizo chimene chapsa. Gasi wodontha pa kapaipi kowotcherera molakwika ku fakitale alibe chochita ndi magetsi.

Yankho lina ndi kuloza chikwangwani chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Chimenechi chisamuopse. Malawi ali ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024 limene linalowa m'malo mwa la 1998, ndipo malamulo salola wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu wachilema pongopachika chikwangwani. Walanti ndi lonjezo loonjezera, silichotsa ufulu umene lamulo lapereka kale.

Masiku 14 akatha kuli zii, mayiyu atenge kope yodinda ija, zithunzi zitatu ndi mayankho alionse amene analandira, apite nazo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula n'kufufuza amalonda. Bungwe la Consumers Association of Malawi nalo limathandiza ndi uphungu. Kumeneko adzamufunsa ngati anayamba wadandaula ku sitolo, tsiku liti, ndipo anamuyankha chiyani.