Masamu a M'nkhani: Matumba Amene Kulibe

Nkhani ya zokolola isanalowe m'makina osindikizira, mkonzi amatenga pensulo ndi kuyesa manambala ake. Sabata ino tione m'mene amayesera avareji, ndiko kuti ciwerengero capakati.

Tiyerekeze kuti mtolankhani watumiza lipoti la makopaletivu awiri a cimanga. Yoyamba inalima mahekitala 10 ndi kukolola matumba 400, ndiwo matumba 40 pa hekitala. Yaciwiri inalima mahekitala 90 ndi kukolola matumba 1,800, ndiwo matumba 20 pa hekitala. Mtolankhani waphatikiza 40 ndi 20, wagawa pawiri, ndipo walemba kuti dera lonse lakolola matumba 30 pa hekitala.

Mkonzi amayamba ndi kubweza sumuyo m'mbuyo. Ngati hekitala iliyonse inapatsa matumba 30, ndiye kuti mahekitala 100 anapatsa matumba 3,000. Koma 400 kuphatikiza 1,800 ndi matumba 2,200 cabe. Matumba 800 otsalawo sali m'nkhokwe ya munthu aliyense. Colakwa ndi cakuti munda waung'ono wapatsidwa mphamvu yofanana ndi munda waukulu. Njira yoyenera ndiyo kuphatikiza matumba onse ndi kuwagawa ndi mahekitala onse. Yankho lake ndi matumba 22.

Colakwa cotere cimabereka cinzace. Tinene kuti caka catha deralo linakolola matumba 20 pa hekitala. Kucoka pa 20 kufika pa 22 pawonjezeka matumba awiri, ndipo awiri pa 20 ndi 10 peresenti. Nambala yolakwika ija ikanationetsa 50 peresenti. Peresenti imayesedwa pa nambala imene tacokera, conco mkonzi amafunsa nthawi zonse kuti, "Peresenti ya ciani?"

Kenaka cimafika pa bajeti. M'caka ca 2013 bungwe la boma losunga cakudya linagula thumba la makilogalamu 50 pa K65. Pa mtengo umenewo matumba 3,000 ndi K195,000, pamene matumba 2,200 ndi K143,000. Wokonza bajeti atakhulupirira nkhaniyo angapatule K52,000 yogulira cimanga cimene sicinakololedwe. Coopsa koposa, dera limene cakudya cidzacepa lingaoneke ngati lakhuta, thandizo n'kulipitirira.

Poyerekeza ndalama za zaka zosiyana pali msampha wina. Pa 1 Januwale 2013 dziko lathu linacotsa maziro atatu pa ndalama zace, kotero kuti K1,000 yakale inasanduka K1. Mtengo wa K65,000 wa mu 2012 ndi K65 ya mu 2013 ndi umodzimodzi, sunatsike konse.

Inunso a m'makomiti a makopaletivu, mukamva avareji pa msonkhano, funsani matumba onse ndi mahekitala onse, mugawe nokha. Manambala akakana kugwirizana, lipotilo libwerere kwa mwini wace lisanasainidwe.