ZA PA BENCHI: Kasitomala akakutchulani wakuba

Sabata ino ndabwera ndi nkhani yanga yomwe, ndipo ndi yochititsa manyazi. Koma poti tinapangana kuti pa tsamba lino sitibisana, ndiinena momwe inachitikira.

Mukudziwa kuti ife atolankhani oyenda pansi timalandira nkhani ikatuluka, mwinanso ndalamayo imabwera mwezi utapita. Ndiye Loweruka lililonse ndimakathandiza azakhali anga pa benchi yawo ya tomato ndi anyezi mu msika wa Limbe, madzulo n'kundigawira ya sopo. Loweruka lina chakumasana, azakhali atapita kukatunga madzi owaza masamba, panafika bambo wina wovala bwino, makiyi a galimoto ali m'manja. Anatenga milu iwiri ya tomato ya K500 uliwonse ndi mulu wa anyezi wa K500. Zonse pamodzi K1,500. Anandipatsa K2,000, ine n'kuiponya m'chitini, n'kuwapatsa K500 ya chenji.

Bambo aja anayang'ana ndalamayo ngati ndawapatsa tsamba la mpiru. Ati, "Iwe, ndakupatsa K5,000. Chenji changa ndi K3,500. Mavenda nonse ndinu mbava, n'chifukwa chake mudzafera pa benchi pomwepa. Sukulu inakukanikani!"

Abale anga, mawu a sukuluwo anandilasa. Ine ndi satifiketi yanga ya Folomu 4 ili m'sutikesi kunyumba, wina azindinena choncho pamaso pa anthu? Magazi anathamangira kumutu, ndipo ndinayankha mokweza kuti, "Wakuba ndinu, ndi taye wanuyo!" Nthawi yomweyo anthu anatiunjirira. Anyamata onyamula katundu anayamba kufunsana kuti waba ndani, ndipo amayi awiri amene ankasankha tomato wathu anabweza milu yawo n'kusamukira pa benchi ya pafupi.

Azakhali atafika sanafunse kuti wayamba ndani. Anatula chigubu pansi, n'kundiuza kuti, "Iwe khala apo, usatsegulenso pakamwa." Kenaka anatembenukira kwa bambo aja ndi mawu otsika, oti munthu ayenera kutchera khutu kuti amve. Ati, "Bambo, mwana wakuyankhani molakwika, zimenezo pepani. Tsopano tione za ndalama. Mukuti mwapereka zingati, ndipo mwagula chiyani?" Bambo aja anafotokoza, akutukwanabe apo ndi apo, koma azakhali anawasiya mpaka anamaliza okha.

Atatero anaitana anthu awiri, mayi wa benchi ya pafupi ndi mkulu wina wa komiti ya msika amene ankadutsa. Anandiuza kuti nditulutse matumba a thalauza langa kunja, n'kukhuthula chitini chonse pa thumba anthu akuona. Munali ma K200, ma K500, ma K1,000 ndi K2,000 ziwiri. K5,000 munalibe. Ndiye anati, "Bambo, njira ndi ziwiri. Tengani katundu wanu ndi K500 yanu, kapena siyani katundu ndikubwezereni K2,000 yanu. Koma za umbava musazinenenso pa benchi pano." Bambo aja sanapepese. Anang'ung'udza kuti mwina taibisa, n'kunyamula jumbo yawo ndi K500, ulendo wa ku galimoto.

Madzulo tikulongedza, azakhali anandiwerengera zimene pakamwa panga panaononga. Mphindi pafupifupi 20 osagulitsa kanthu, pa nthawi imene msika umakhala wodzadza, kuonjezapo makasitomala awiri amene anathawa. Koma chimene chinawawawa kwambiri ndi liwu lija loti wakuba. Nonse mukudziwa kuti mu msika liwu limeneli likamveka, anthu sadikira woweruza. Chikhala kuti anyamata aja anangomugwira malaya bamboyo, bwenzi ine ndikulemba nkhani ino ndili m'chitokosi.

Phunziro limene ndinatenga ndi ili. M'kamwa mwa kasitomala wamwano mumatuluka zinthu ziwiri nthawi imodzi: dandaulo ndi chipongwe. Dandaulo la bambo aja linali la K3,000 imene ankaganiza kuti yasowa. Chipongwe chinali cha umbava ndi sukulu. Ine ndinasiya dandaulo n'kuthamangira chipongwe. Azakhali anagwira dandaulo lokha, chifukwa dandaulo limawerengeka pa thumba anthu akuona, pomwe chipongwe chilibe sikelo. Mukayamba kupikisana kutukwana, wogula alibe chotaya. Iye akwera minibasi n'kupita, inu mawa muli pa benchi yomweyo, ndipo anthu adzakumbukira kuti mayi uja wa tomato ndi wa pakamwa. Paja akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Cholakwa changa choyamba sichinali pakamwa, chinali dzanja. Ndinaponya ndalama m'chitini ndisanapereke chenji. Azakhali satero. Akalandira ndalama amaitchula mokweza, "Mwandipatsa K2,000," n'kuiika poonekera pa benchi, kamwala kali pamwamba. Amawerengera chenji m'dzanja la kasitomala, ndipo ndalama ija imalowa m'chitini pokhapokha munthuyo atavomera. Ma K5,000, amene anayamba kuyenda mu 2022, sawasakaniza ndi zina, amapita m'kachikwama ka m'chiuno. Wolipira pa foni amadikira kaye uthenga ulowe pa foni ya azakhali, osati kungoonetsa wa pa foni yake. Mikangano yambiri ya chenji imafera pomwepo isanabadwe.

Nanga ikabadwa? Choyamba ndi thupi lanu lomwe. Mkwiyo umachenjeza usanafike pakamwa: makutu amatentha, mtima umagunda, manja amafuna kuloza. Mukangomva zimenezo pezani chochita ndi manja. Sanjani mulu, pindani malaya, pukutani sikelo. Dzanja limene lagwira tomato sililoza munthu kumaso, ndipo kamphindi kameneko kamakupatsani mpata wopuma kawiri katatu musanayankhe. Mukayankha, tsitsani mawu kuposa masiku onse. Munthu sangakuwe nthawi yaitali yekha, ndipo oonerera amayamba kuona okha amene akuchita manyazi.

Chachiwiri, mufunseni mafunso a manambala. Mwagula chiyani? Mwapereka zingati? Munagula liti? Munthu amene akuwerenga ndalama m'mutu amavutika kutukwana nthawi yomweyo. Mafunso amenewa amakuthandizaninso kudziwa mtundu wa munthu amene ali patsogolo panu. Amene wasokonezeka zenizeni amayankha, amapisa m'thumba, amafuna kuona m'chitini. Wofuna kukuberani amakana kuwerenga, amafulumizitsa, ndipo mukatchula za mboni amayamba kuyang'ana njira.

Ndipo tisanamizane, nthawi zina wamwanoyo amakhala akunena zoona. Tsiku lina azakhali omwewo anaperekadi chenji choperewera ndi K500 kwa mayi wina amene anabwerera akulalata. Atawerenga n'kuona kuti cholakwa n'chawo, anapereka ndalamayo pomwepo, n'kuonjezera tomato awiri a banyira. Ati, "Mayi, ndalakwitsa kuwerenga, pepani. Koma sindine wakuba." Taonani kupepesa kumeneko. Anapepesa pa chimene analakwa, osati pa chimene anatchulidwa. Ambiri a ife timaganiza kuti pali njira ziwiri zokha, kugwada kapena kumenyana. Iyi ndi yachitatu.

Pali anzathu ena, makamaka olembedwa ntchito m'mashopu ndi m'malesitilanti, amene abwana awo anawauza kuti kasitomala salakwa. Ine ndikuti kasitomala ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino, muyeso wokwanira ndi chenji chake chonse. Koma K1,500 yake yagula tomato, sinagule inuyo. N'zoona kuti anthu akufika pa benchi mitima ili kale m'mwamba, maka chichokereni mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo n'kuyamba kuthamanga. Wina akadandaula kuti mulu wachepa, mumvetseni, muuzeni mtengo umene mwaodera dengu. Koma akafika potchula amayi anu, mtundu wanu kapena thupi lanu, pamenepo si za malondanso.

Apo nenani mawu amodzi, kamodzi kokha, mosakweza: "Achimwene, ndikuthandizani, koma kutukwana ayi." Akapitiriza, musabwerezenso ndipo musaopseze. Bwezani ndalama yake, tengani katundu wanu, n'kutembenukira kwa wotsatira: "Mayi, ndikupatseni chiyani?" Mwataya malonda a K1,500, koma mwasunga tsiku lonse. Inu olembedwa ntchito, musadikire tsiku la mkangano. Funsanitu abwana anu lero kuti munthu akatukwana muziitana ndani, ndipo ndi katundu uti amene mungabweze ndalama yake popanda kukudulani pa malipiro.

Njira zonsezi zili ndi malire. Woledzera sawerenga manambala, ndiye osataya naye nthawi. Amene wakweza dzanja, wagubuduza katundu kapena wagwira mayi wogulitsa pathupi, ameneyo si wolimbana naye nokha. Itanani oyandikana nawo, a komiti ya msika, kenaka apolisi. Malamulo a milandu a dziko lino, pa gawo 182, amaletsa kutukwana kumene kungautse chisokonezo, ndipo gawo 137 limateteza amayi ku mawu ndi machitidwe onyoza ulemu wawo. Koma dziwani kuti lamulo la kutukwanali silisankha wogula kapena wogulitsa. Mukabwezera, nonse awiri mukakhala pa benchi imodzi ya ku polisi, katundu wanu akufota padzuwa. N'chifukwa chake musamugwire malaya, musamulande jumbo, ndipo liwu loti wakuba lisatuluke pakamwa panu ngati simunaone ndi maso.

Chotsiriza ndi chimene chimatsala mumtima munthu uja atapita. Ine ndinakhala ndi mkwiyo mpaka madzulo, ndipo mtsikana wina wosalakwa amene anangofunsa ngati mtengo ungatsike ndinamuyankha mokalipa. Azakhali anandichotsa pa benchi, ati pita ukamwe madzi uzungulire msika kamodzi. Iwo akatukwanidwa amamuuza mnzawo wa pafupi, amaseka pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Sapita nayo kunyumba kuti ana akailipire.

Bambo wa makiyi uja sanabwerenso, ndipo sindikudziwa ngati K5,000 yake anakaipeza m'thumba lina. Ine ndikadali pa benchi Loweruka lililonse. Mukadutsa ku Limbe n'kuona mnyamata akutchula ndalama mokweza ngati kondakitala, kamwala kali pambali, ndi ine ndithu. Gulani mulu umodzi, za banyira tikambirana.

Tionane sabata ya mawa, geni iyende.