Sizoni yomaliza ithe basi, osatinamiza

Mu Marichi 2021 ndinagula bandulo, n'kukhala pansi kuti nditsanzikane ndi Attack on Titan. Pa sikirini panalembedwa The Final Season. Episodi ya 16 itatha, nkhani inali idakali pakati, nkhondo yeniyeni isanayambe n'komwe. Ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndimati anatinamiza.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manga ya Hajime Isayama inkatuluka chaputala chimodzi pa mwezi, kuyambira 2009 mpaka Epulo 2021, ndipo machaputala onse ndi 139. Sizoni yomalizayi inayambira pa chaputala 91, kutanthauza kuti anatsala machaputala 49. Maepisodi 16 oyamba aja anadya machaputala 26 okha. Pa liwiro limeneli pankafunika maepisodi ngati 30. Komanso pomwe sizoniyi inkayamba mu Disembala 2020, Isayama anali asanamalize kujambula. Ndiye musandiuze kuti opanga animeyi sankadziwa kuti 16 sikwana.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Gawo lachiwiri linabwera mu 2022 ndi maepisodi 12, osathabe. Kenako mafilimu awiri aatali, ina mu Marichi 2023, ina mu Novembala. Kutsanzikana kwa zaka pafupifupi zitatu! Mlendo wotsanzika katatu koma osadzuka pampando, kwathu timasiya kumuperekeza.

Anzanga amati, "Aise, ukufuna ojambula afe ndi ntchito?" Ayi. Kuduladula sindikukana. Mawayilesi a kanema ku Japan amagawa chaka m'zigawo za miyezi itatu, ndipo chigawo chimodzi chimakwana maepisodi 12 kapena 13. N'chifukwa chake mumangoona 12, 13, 24 kapena 25. Anime imathamanganso kuposa manga: episodi ya sabata imodzi imameza zomwe Isayama ankajambula mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Ukaipeza manga, njira ndi ziwiri: kuima n'kudikira, kapena kupeka nkhani zongodzazira. Amene anapirira maepisodi akumapeto a Naruto woyamba, wa maepisodi 220 uja, akudziwa kuwawa kwa njira yachiwiriyi. Kudikira n'kwabwino. Sizoni yachiwiri ya Attack on Titan tinaidikira zaka zinayi, kuchoka 2013 kufika 2017, ndipo sindinadandaule.

Mlandu wanga uli pa dzina. Situdiyo ya MAPPA ndi eni ntchitoyi akanangoti sizoni 4, sizoni 5, kenako mapeto, ndani akanalira? Mawu oti "yomaliza" ndi lonjezo kwa woonera, ndipo anawasandutsa nyambo. Lero munthu wongoyamba kumene amafunika tchati kuti adziwe choonera pambuyo pa chinzake.

Ine masiku ano ndikamva zoti sizoni ndi yomaliza, ndimayamba ndafufuza ngati manga yake inatha, kenako ndimawerenga machaputala otsala n'kuwayerekeza ndi maepisodi omwe alengezedwa. Masamu akakana, bandulo yanga ndimasunga.