Chenjezo kwa makolo: chithunzi cha mwana wanu chikuulula zambiri kwa alendo

Makolo anzanga, musanatumizenso chithunzi china cha mwana wanu pa WhatsApp kapena pa Facebook, imani kaye. Chitseguleni, muchikulitse ndi zala ziwiri, muwerenge chilichonse cholembedwa mmenemo. Inu mumangoona nkhope ya mwana. Wakuba sayang'ana nkhope, amawerenga zilembo.

Seputembala aliyense sukulu zikatsegulira, mafoni athu amadzaza ndi ana ovala yunifolomu yatsopano. Nanenso ndimakondwa ndikawaona. Koma mtima umandigunda chifukwa zambiri mwa zithunzizi zimauza munthu amene sakudziwani n'komwe kuti mwanayo ndani, amaphunzira kuti ndipo amachoka pakhomo nthawi yanji.

Tiyerekeze chithunzi chimodzi. Mtsikana waima pageti ya kwawo m'mawa, chikwama chili kumsana, kope lili m'manja. Mayi ake alemba pansi pake kuti, "Chisamba changa chayamba Sitandade 3 lero, agogo ake ku Ntcheu anyadire."

Mlendo amayambira pachifuwa. Mtundu wa yunifolomu paokha sumuthandiza kwambiri, poti sukulu zambiri zimavala mitundu yofanana. Chomwe akufuna ndi baji. Pabaji pamakhala dzina la sukulu, ndipo ngakhale zilembo zitakhala zosaoneka bwino, chizindikiro chake amachiyerekeza ndi zithunzi zomwe sukuluyo imaika pa tsamba lake. Sukulu waipeza.

Kenako amatsikira pakope. Pachikuto mwalemba nokha ndi cholembera chakuda: dzina lonse la mwana ndi kalasi yake, 3B. Dzina lanu ali nalo kale, lili pamwamba pa chithunzicho. Mawu mwalemba pansi aja amuuza kuti uyu ndi mwana woyamba ndiponso kuti kumudzi ndi ku Ntcheu. Achibale akayamba kuyamikira, mmodzi nkulemba kuti "mwana wa mchimwene wanga wakula," ndiye kuti wadziwanso azakhali.

Tsopano yang'anani kumbuyo kwa mwanayo, komwe inu simunayang'ane pojambula. Pageti pali nambala ya puloti. Kutsidya kwa msewu kukuoneka chikwangwani cha golosale, mwina ndi dzina la dera lomwe. Pambali paima galimoto, nambala yake ikuwerengeka yonse. Ndipo chithunzicho mwachitumiza nthawi yomweyo, isanakwane 7 koloko. Nyumba waidziwa, ola lonyamukira walidziwa.

Zonsezi sizinafune luso la makompyuta. Zangofuna maso ndi mphindi zochepa.

Nambala yanu ya foni siivuta kupeza, makamaka ngati mumagulitsa malonda pa tsamba lomwelo kapena muli m'magulu akuluakulu a WhatsApp, momwe anthu osadziwana amaonerana manambala. Ndiye tsiku lina cha m'ma 10 koloko foni ilira. Munthu akutchulani dzina, atchula la mwana, nkunena kuti ndi mphunzitsi wa 3B. Akuti mwana wagwa, wavulala mutu, ali naye kuchipatala, tumizani ndalama msanga pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Mayi uti angayambe kufunsa mafunso atamva zotere? Mumakhulupirira chifukwa akudziwa zambiri. Koma taonani bwino: chilichonse watchulacho chinali pa chithunzi chija.

Apa ndi pomwe mungamugwirire. Mufunseni chinthu chomwe sichinalembedwe paliponse, monga dzina lomwe mwana mumamuitana nalo kunyumba, kapena amene anamuperekeza lero. Wabodza amakwiya, amakufulumizitsani, amati nthawi ikutha. Dulani foni. Imbirani sukulu pa nambala yomwe muli nayo kale, osati yomwe wakupatsani iyeyo. Ngati simukuwapeza, tumani munthu wapafupi akaone m'kalasi. Musatumize ngakhale tambala musanamve mawu a munthu amene mumamudziwa.

Musanyengedwenso ndi chithunzi chomwe woimbayo waika pa nambala yake. Angaoneke atavala yunifolomu ya unamwino kapena ataima patsogolo pa chikwangwani cha sukulu. Chithunzi chotere chimabedwa mosavuta ngati mmene chanu chabedwera. Yunifolomu imangosonyeza ntchito ya munthu amene anajambulidwayo, siitsimikiza kuti ndi yemweyo mukuyankhula naye. Mawu olembedwa pansi pa chithunzi nawo amalemba ndi wotumiza, angalembe chilichonse. Kulitsani chithunzicho muwerenge dzina lili pa baji ya pachifuwa, muliyerekeze ndi dzina wakuuzani, komanso ndi dzina la mwini nambala yomwe akuti mutumizeko ndalama. Maina atatuwa akasiyana, mukuyankhula ndi wakuba.

Ndalama zikapita zimapweteka, koma choopsa kwambiri chili pageti ya sukulu. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amakhulupirira munthu wamkulu amene wamuitana ndi dzina. Akawonjeza kuti, "Amayi ako andituma, agogo a ku Ntcheu abwera," mwana amanyamuka osacheuka. Khalani naye pansi lero lomwe. Muuzeni kuti kudziwa dzina lake si umboni woti munthu watumidwa. Gwirizanani mawu amodzi achinsinsi omwe aliyense womutenga ayenera kunena, ndipo aphunzitsi adziwe anthu amene mwawaloleza kudzamutenga. Dzina la mwana lembani mkati mwa chikwama, osati kunja komwe aliyense woyenda pambuyo pake angaliwerenge.

Sindikunena kuti musiye kujambula ana anu. Jambulani, koma sankhani malo. Muimikeni mwana pakhoma lopanda cholembedwa, kutali ndi geti ndi galimoto. Kope alisiye pansi. Baji itsekeni ndi dzanja kapena ndi lamba wa chikwama. Ndipo musatumize nthawi yomweyo, dikirani madzulo kapena tsiku lina.

Ngati chithunzi mwajambula kale, chiduleni kuti mbali yolembedwayo ichokeretu. Ambiri amangopaka utoto pa dzina ndi cholembera cha mufoni. Samalani, zolembera zina utoto wake ndi wopyapyala, moti munthu akawonjezera kuwala kwa chithunzi zilembo zimaonekanso. Kudula ndiye kodalirika. Dziwaninso kuti chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp ngati Document chimapita chathunthu, ndipo ngati kamera yanu imasunga malo, chimanyamula ndi malo enieni munajambulira.

Kenako onani amene akuona zomwe mumaika. Pa WhatsApp lowani pa Settings, kenako Privacy. Pa Status sankhani Only share with, muikepo achibale okhaokha. Chithunzi cha pa nambala yanu chisakhale pa Everyone, ndipo ndi bwino chisakhale cha mwana. Pa Facebook chotsani Public muike Friends. Musadalire kuti Status imafufutika pakatha maola 24, chifukwa woiona atha kuijambula nkuisunga mpaka kalekale.

Muwauzenso agogo, azakhali ndi amalume. Inu mutha kusamala, koma chithunzi mwawatumizira mwachikondi iwo nkuchiika poyera, dzina la sukulu lili poonekera. Aphunzitsi nanunso, musaike pagulu chithunzi cha ana ataima pabolodi lomwe lalembedwa maina awo ndi malikisi.

Wina akakuimbirani foni yotere, musafufute nambala yake ndi mauthenga ake. Pitani nazo kupolisi, ndipo dziwitsani a sukulu kuti achenjeze makolo ena a kalasi imeneyo. Ngati pali munthu wachilendo amene akuzungulira mwana wanu, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana kuno ku Malawi. Usiku uno bwererani pa zithunzi munaika zaka zapitazi, muchotse chilichonse chomwe chikuonetsa baji, dzina kapena geti.