Oyilo wakuda asafikenso pa tcheni m'chilimwe

Chaka ndi chaka, mvula ikangotha, ndimaona chinthu chimodzi pa njinga za ophunzira athu: tcheni chakuda bii, chonyezimira ndi oyilo wotsala mu injini ya chigayo kapena ya galimoto. Mwini wake amayenda mokhutira poganiza kuti wasamala njinga. Ine ndikuti waiwononga, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala oyilo ameneyu asamayandikire tcheni, mahinjesi kapena loko.

Chifukwa chake chili m'fumbi lathuli. Fumbi la m'misewu yochoka m'midzi kudzatulukira mu Great East Road, kaya ku Katete kaya ku Sinda, ndi la kumapiri a ku Vubwi, lili ndi timchenga ta nsangalabwi, mwala umene ndi wolimba kuposa chitsulo cha tcheni. Pa chitsulo chouma timchenga timeneti timagwa tokha. Pa chitsulo chonyowa ndi mafuta timamatirira, kenaka mafutawo amatitengera m'kati mwa mfundo za tcheni, mmene timapini timazungulira. Zikatero mwapanga phala lonolera, ndipo mwendo wanu ndiwo ukupera. Oyilo wogwira kale ntchito amaonjeza vuto pobwera ndi mwaye ndi tizitsulo ta mu injini.

Tcheni chimafuna mafuta m'kati mwa mfundo mokha, pamene chitsulo chimakhudzana ndi chinzake. Onse ooneka kunja ntchito yawo ndi kusonkhanitsa fumbi.

Musangokhulupirira mawu anga, kayezeni. Pa tcheni chatsopano, kuchoka pakati pa kapini kamodzi n'kuwerenga timapini 24 totsatira, mtunda wake ndi mainchi 12, amene ndi pafupifupi mamilimita 305. Ikani lula pamene tcheni chakungika. Mukapeza kuti mtundawo wafika mamilimita 308, tcheni chatha, ndipo chayamba kudya mano a magiya. Anthu amati chatamuka, koma chitsulocho sichinatamuke: timapini ndito tadyeka, mfundo iliyonse n'kukhala ndi kampata. Chizindikiro china mumachimva ndi khutu. Pindani tcheni cham'mbali ndi zala. Chikalira ngati mukutafuna nsima ya mchenga, fumbi lalowa kale. Wochedwa kusintha tcheni chotere amagula zitatu pamodzi, tcheni, filiwilo ndi giya yakutsogolo, pakuti tcheni chatsopano chimalumpha pa mano odyeka.

Chimene ndimaphunzitsa m'malo mwa oyilo ndi phula la kandulo wamba. Phula likazizira limauma, choncho fumbi lilibe pogwira. Koma silimata pa chitsulo cha mafuta, n'chifukwa chake ntchito yaikulu ndi yotsuka. Chotsani tcheni pomasula kaloko ka mfundo yolumikizira, muchiike m'botolo la palafini, mutseke ndi kukhutchumula. Sinthani palafini kawiri kapena katatu mpaka asiye kuda. Tsukuluzani ndi sipiriti kuti palafiniyo achoke, ndipo muyanike padzuwa chiume gwa. Tcheni chatsopano nacho chitsukidwe, chifukwa chimabwera ndi girisi wa kufakitale.

Dulani makandulo anayi kapena asanu m'chitini choyera. Chitinicho muchiike mu mphika wa madzi otentha, osati pamoto penipeni, chifukwa phula likatenthetsa limayaka. Madzi owira ndi okwanira, popeza phula limasungunuka asanawire n'komwe. Mizani tcheni chonse kwa mphindi 10 mpaka 15, mukuchigwedeza ndi waya mpaka tithovu tisiye kutuluka. Tithovuto ndi mpweya wochoka m'mfundo pamene phula likulowa. Chipachikeni chizizire. Chidzauma ngati ndodo, ndipo musadabwe. Thyolani mfundo imodziimodzi ndi manja. Pobwezera kaloko kaja, mbali yake yotseka iyang'ane kumene tcheni chimalowera mukamapalasa.

Tiyerekeze mlimi amene amapita ndi tomato ku msika wa ku Katete, makilomita 15 kupita ndi 15 kubwera, masiku asanu pa mlungu. Pa mlungu amayenda makilomita 150. Monga ndaonera pa njinga yanga, phula limagwira makilomita pakati pa 200 ndi 300 nyengo youma, kenaka tcheni chimayamba kulira mouma. Mlimi ameneyu ayenera kuviika tcheni chake pafupifupi milungu iwiri iliyonse. Ulendo wachiwiri sipafunikanso palafini: angopukuta ndi nsalu youma n'kumiza m'chitini chomwe chija, ndipo phula limodzilo limagwira maulendo ambiri. Wokhala ndi matcheni awiri amawaviika tsiku limodzi n'kumasinthanitsa.

Ena amanditsutsa kuti oyilo wakuda ndi waulere pamene kandulo ndi wogula, ndiponso kuti mlimi alibe nthawi yophika tcheni. Za nthawizo ndikuvomera, ndi ntchito ndithu. Amene sangathe agwiritse ntchito oyilo watsopano, dontho limodzi pa mfundo iliyonse, madzulo. M'mawa apukute ndi nsalu mpaka chala chikakhudza tcheni chisanyowe. Njira imeneyi ndiyonso ya dzinja, pakuti phula siliteteza bwino ku dzimbiri ndipo tcheni cha phula chikavumbwa n'kugona chonyowa chimafiira. Za ulerezo ayi: mtengo wa oyilo wakuda mumaulipira kwa wokonza njinga. Mafuta ophikira nawonso alekeni, amauma n'kusanduka ulimbo.

Mahinjesi savuta. Ngati kapini kake kamatuluka, katulutseni, mukapukute, mukapake kandulo n'kukabwezera. Ngati sikatuluka, dontho limodzi la oyilo watsopano pamwamba, tsegulani ndi kutseka kangapo, ndipo pukutani zonse zotuluka. Geti lolemera la khola limafuna girisi pa kapini, koma wofinyikira kunja achotsedwe.

Loko ndiye anandiphunzitsa mochititsa manyazi. Ndili mlangizi watsopano, loko wa chipinda chosungiramo mbewu anayamba kulimba, ine n'kuthiramo oyilo. Anatseguka bwino kwa milungu ingapo. M'mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi itakula, kiyi anakana kuzungulira, ndinakakamiza, ndipo anathyokera momwemo ophunzira akuyang'ana. Tinadula lokoyo ndi sowo ya zitsulo. M'kati mwa loko muli timapini ting'onoting'ono tokankhidwa ndi timasipuling'i tofooka kwambiri. Phala la oyilo ndi fumbi likatigwira, sitibwereranso pamalo pake, ndipo kiyi wolondola amakhala ngati wachilendo.

Loko amafuna choterera chouma, ndipo chimapezeka m'pensulo. Mtima wakuda wa pensulo ndi girafaiti wosakanizidwa ndi dongo. Sankhani pensulo yofewa, yolembedwa 4B kapena 6B, chifukwa ya HB ili ndi dongo lochulukirapo. Khekhezani mtimawo pa mano a kiyi mbali zonse, lowetsani ndi kutulutsa kiyi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenaka zungulizani. Kawiri pa chilimwe n'kokwanira. Mukachulutsa, ufawo umadzaza mmene timapini tiyenera kuyenda. Loko amene munathiramo kale oyilo ayambe watsukidwa ndi sipiriti mpaka zotuluka ziyere, aume tsiku lonse, pakuti girafaiti akakumana ndi oyilo amasanduka matope. Pa chitsulo chokhota chija pakani kandulo pang'ono. Wa panja mumuvundikire ndi chidutswa cha chubu chakale cha njinga chokhomeredwa pamwamba pake, ndipo bowo la kiyi liziyang'ana pansi.