Nambala ya sidi siikumbuka nkhope ya Tadala

Chaka chatha ndinkathandiza kalabu ya sayansi kupanga kankhani ka zithunzi 8 kophunzitsa kuthira kolorini m'madzi akumwa. Mwininkhani anali mtsikana wopeka, Tadala. Pa chithunzi choyamba anali wakuda bwino, wa tsitsi lalifupi, atavala diresi yobiriwira. Pofika pa chachisanu anali atayera khungu, tsitsi litaluka, diresi itasanduka ya buluu. Mwana wina wa Fomu 1 atawerenga anafunsa kuti, "Nanga uyu ndi mchemwali wake?" Uthenga wa kolorini unathera pomwepo, poti aliyense anayamba kuwerenga atsikana.

Anzanga ena amati mankhwala ake ndi kusunga nambala ya sidi. Ine ndikukana.

Mapulogalamu ngati Stable Diffusion sajambula monga mmene inu mumajambulira m'kope. Amayamba ndi timadontho tosokonekera, ngati mchenga wa pa TV yosowa siteshoni, kenako amatikonza pang'onopang'ono mpaka tifanane ndi mawu amene mwalemba. Nambala ya `seed` ndi imene imasankha mchenga woyambirawo, basi. Mukabwereza sidi, mawu ndi zosankha zina zonse osasintha kanthu, chithunzi chomwecho chimabwera. Koma nkhani imafuna kuti Tadala achoke pa mjigo apite kukhitchini. Mukangosintha mawuwo, mchenga womwe uja umakonzedwa mwanjira ina, ndipo nkhope imasintha nawo. Makinawo sakudziwa kuti dzulo anajambula Tadala. Dzinalo kwa iwo ndi mawu chabe.

Chimene chinatithandiza ndi kuyamba ndi munthu, nkhani pambuyo. Tinapanga chithunzi chimodzi cha Tadala ataima pa malo oyera opanda kanthu kumbuyo, nkhope ikuoneka bwino, ndipo tinagwirizana kuti ameneyu ndiye mwini. Chithunzi chilichonse chotsatira tinkachipanga titalowetsa chimenechi ngati chitsanzo. Mapulogalamu ambiri amalola zimenezi. Midjourney inabweretsa `--cref` mu 2024, pamodzi ndi `--cw`: pa 100 imayesa kusunga nkhope, tsitsi ndi zovala, pa 0 imasamala nkhope yokha. Chenjezo langa ndi ili: musatenge chithunzi chachitatu kukhala chitsanzo cha chachinayi, chachinayi cha chachisanu. Zili ngati kupanga fotokope ya fotokope. Kacholakwa kakang'ono kamakula ulendo uliwonse. Bwererani kwa mwini nthawi zonse.

Mawu ofotokoza Tadala tinawalemba kamodzi n'kumawakopera osasintha ngakhale koma:

```
14-year-old girl, dark brown skin, short natural hair,
plain green dress, white collar
```

Taonani kuti diresi ndi yopanda maluwa. Poyamba tinamuveka chitenje chokongola, koma maluwa ake ankasintha pa chithunzi chilichonse, chifukwa tizinthu ting'onoting'ono tobwerezabwereza n'timene makinawa amalephera kwambiri kusunga. Zinandiwawa kuchotsa chitenjecho, eti, koma kolala yoyera inagwira ntchito: owerenga ankamuzindikira nayo ngakhale ali patali. Komanso mawu a khungu musawasiye. Ife tikangowaiwala, kapena tikalemba za dzuwa lowala kwambiri, Tadala ankayera.

Pa mitundu m'pamene ndimatsutsana ndi anthu kwambiri. Ena amalemba nambala ya mtundu, monga `#2E7D32`, m'mawu olamula n'kumayembekeza kuti girini wake atuluka ndendende. Nthawi zambiri satuluka. Pulogalamu imawerenga nambalayo ngati mawu, siiyeza ngati sikelo. Palinso vuto loti mtundu umadontha: mwati diresi yobiriwira, mupeza ndowa ndi khoma nazonso zabiriwira. Choncho ife tinasankha mitundu isanu yokha, ya khungu, diresi, dothi, thambo ndi ndowa, ndipo titamaliza tinatsegula zithunzi zonse mu GIMP, yomwe ndi yaulere. Ndi kachida kotola mtundu tinkayeza tsaya ndi diresi pa chithunzi chilichonse n'kuyerekeza ndi mwini uja. Musayembekeze nambala zofanana ndendende, chifukwa mthunzi umadetsa mtundu ndipo zimenezo n'zoyenera. Chofunika n'chakuti girini akhalebe girini, asapendekere ku buluu. Popendekera tinkakonza ndi manja.

Mnzanga wina anati uku n'kubwerera m'mbuyo: makina alipo, bwanji kuvutika? N'zoona kuti pali njira yamphamvu kuposa iyi, yotchedwa LoRA, yophunzitsa pulogalamu munthu wanu ndi zithunzi zake zingapo. Koma imafuna kompyuta yamphamvu kapena ndalama, ndipo zithunzi zophunzitsirazo ziyenera kufanana kale. Ntchito ya maso anu simuithawa.

Tisanasindikize tinachita mayeso otchipa. Tinachepetsa zithunzi zonse 8, tinazindandalika pa sikirini imodzi, n'kuitana mwana uja wa Fomu 1 kuti awerenge atsikana. Anapeza mmodzi, kupatula pa chithunzi chachisanu ndi chiwiri pomwe kolala inali itasowa. Chimenecho tinachipanganso.